Kufunsira ntchito yojambula mapulani pa kampani yaing'ono: kalata ndi potifoliyo

Chaka chilichonse ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, sukulu imene mpaka 2021 tinkaitcha Polytechnic, kumatuluka achinyamata ophunzira luso lojambula mapulani a nyumba. Ambiri mwa iwo khomo loyamba kugogoda ndi la kampani yaing'ono: akitekiti mmodzi amene ndi mwini wake, anzake awiri kapena atatu, ndi makompyuta ochepa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene wongomaliza sukulu amakhala nawo akamalemba kalata yofunsira ntchito pamalo otere, ndiponso akamasankha zoika mu potifoliyo, buku lija losonyeza ntchito zimene munthu anajambulapo.

Kodi mwini kampani yaing'ono amafuna kuona chiyani akatsegula kalata yanga?

Yambani mwaganizira tsiku lake. M'mawa ali ku saiti kukangana ndi kontilakita pa nkhani ya lintala, masana ali ku khonsolo kutsatira mapulani amene anapereka kuti avomerezedwe, madzulo kasitomala akuimba foni kuti chipinda chogona chiwonjezeke. Alibe ofesi yoona za antchito yomuwerengera makalata. Kalata yanu aiwerenga yekha, mwina pa foni, ali m'galimoto podikira munthu.

Funso lake ndi limodzi: mwana uyu ndikamukhazika pa kompyuta Lolemba, andichotsera ntchito iti pamutu? Kampani yaikulu imatha kusunga munthu miyezi ingapo akuphunzira. Yaing'ono singathe, chifukwa malipiro anu achokera pa ntchito imene ili pa tebulo panopa. Ndipo ntchito imene imadya nthawi pamenepo ndi yojambula mapulani omangira, aja amene mmisiri amatenga m'manja n'kuyamba kukumba maziko, yoyeza nyumba zakale zofuna kukonzedwa, ndi yokonza mapepala opita ku khonsolo. Chilichonse m'kalata ndi mu potifoliyo chiyankhe funso limenelo.

Ndiilembe kwa yani, ndipo ndiyambe bwanji?

Ilembeni kwa munthu, ndi dzina lake. Dzina la mwini kampani silivuta kulipeza. Pa chikwangwani cha pa saiti pamalembedwa kampani imene inajambula mapulani, ndipo aphunzitsi anu ambiri amadziwana ndi anzawo a m'bungwe la Malawi Institute of Architects. Zikakanika, imbani foni ku ofesiko mufunse dzina ndi kalembedwe kake. Kalata yopanda dzina imaoneka msanga kuti yatumizidwa ku makampani khumi tsiku limodzi.

Chiganizo choyamba chinene ntchito imene mukufuna. Chachiwiri chisonyeze kuti mwaona nyumba imene kampaniyo inajambula. Ndikuti kuona ndi maso, kupitako, kuzungulira, n'kuima pakhonde pake. Mawu akuti "kampani yanu yotchuka" sanena kanthu, poti angalembedwe kwa aliyense. Koma mukalemba kuti munaona mmene anakwezera mawindo a kumadzulo kuti dzuwa lamasana lisawombe odwala, mwiniyo adziwa kuti maso anu amagwira ntchito. Pa ofesi ya anthu anayi, kudziwa zimenezo n'kofunika kuposa magiredi.

Tatiwonetsani kalata yeniyeni.

Tiyerekeze mtsikana wongomaliza kumene maphunziro. Anachita atachimenti ya miyezi itatu pa kampani ina, amadziwa bwino AutoCAD ndi SketchUp, koma Revit anangoyamba. Akufunsira pa kampani ya anthu anayi ku Blantyre imene imajambula nyumba zogona, midadada ya sukulu ndi zipatala zazing'ono. Makalata otere kuno amalembedwa m'Chingerezi. Pano ndaika mfundo zake m'Chichewa kuti tione kayalidwe kake.

*Bambo,*

*Ndikupempha ntchito yothandiza kujambula mapulani pa kampani yanu. Ndamaliza maphunziro a luso lojambula mapulani a nyumba ku MUBAS chaka chino.*

*Mwezi watha ndinakaona mdadada wa makalasi umene munajambula pa sukulu ya pulayimale ija ya m'mbali mwa msewu wa Zomba. Chimene chinandikopa ndi mpata umene munasiya pakati pa khoma ndi denga. Ndinalowa masana dzuwa lili pamutu, m'kalasi munali mozizira. Ntchito yotere ndi imene ndikufuna kuphunzira.*

*Pa atachimenti yanga ya miyezi itatu ndinajambula mapulani omangira nyumba ya zipinda zogona zitatu: pulani, masekishoni awiri, ndi ndandanda ya zitseko ndi mawindo. Akitekiti wondiyang'anira anawakonza, kenako anapita ku khonsolo. Ndinkapitanso ku saiti sabata iliyonse kukayeza ndi kulemba zimene zakambidwa. Zojambulazo zili pa masamba 6 mpaka 8 a potifoliyo, mwachilolezo cha kampaniyo.*

*Ndimagwiritsa ntchito AutoCAD ndi SketchUp popanda wondithandiza. Revit ndikuiphunzira, ndipo sindinajambulepo nayo mapulani omangira. Ndimakhala ku Blantyre konkuno ndipo ndikhoza kuyamba pa 1 mwezi wamawa. Mukandilola, ndibwera ndi mapepala osindikiza kuti muwaone pa tebulo.*

*Ine wanu,*

Kalatayi sidzaza tsamba limodzi la A4, ndipo izikhala choncho. Onani kuti mtsikanayu sanadzitche wakhama kapena wokonda ntchito. Wanena zimene anachita, ndipo khamalo likuoneka lokha pa mawu akuti ankapita ku saiti sabata iliyonse. Watchulanso masamba enieni a potifoliyo, kuti wowerenga wotanganidwa alumphire pomwepo.

Chiganizo cha Revit chija ena angafune kuchichotsa. Chisiyeni. Pa ofesi yaing'ono bodza la pa kompyuta limaululika tsiku loyamba, chifukwa bwana amakhala pa tebulo loyandikana ndi lanu. Munthu wonena poyera pamene nzeru zake zalekezera ndi amene angakhulupiridwe akadzabwera kuchokera ku saiti n'kunena kuti khoma lapendekeka.

Zimene zili kale mu sivi, monga sukulu ya sekondale ndi magiredi, musazibwereze m'kalata.

Ndingadzitche akitekiti, poti digiri ndili nayo?

Ayi. M'Malawi muno akitekiti amalembetsedwa ndi bodi yokhazikitsidwa ndi lamulo, yomwe imalembetsanso akatswiri owerengera zipangizo ndi mtengo wa zomangamanga, ndipo digiri payokha si kulembetsa. Lembani kuti ndinu womaliza maphunziro a lusoli. Mwini kampani anadutsa njira yonseyo, ndipo kuona dzinalo pansi pa siginecha ya munthu wosalembetsa sikungamusangalatse. Chimene mungawonjezere ndi chakuti mukufuna kugwira ntchito pansi pa akitekiti wolembetsedwa kuti tsiku lina nanunso mudzalembetse. Zimenezi zimamuuza kuti simukungodutsa.

Ndili ndi ntchito zambiri za kusukulu. Ndiike zonse mu potifoliyo?

Musaike zonse. Wowerenga amakuyezani ndi tsamba lofooka kwambiri, chifukwa amaganiza kuti ngati munaliika ndiye kuti simunaone vuto lake. Ntchito zitatu kapena zinayi, pa masamba 10 mpaka 15, ndi zokwanira.

Tibwerere kwa mtsikana uja. Ali ndi ntchito zisanu ndi imodzi. Yaikulu ndi ya chaka chomaliza, msika wa nsanjika zinayi wokhala ndi depoti ya mabasi. Ali ndi mdadada wa makalasi wa chaka chachitatu, chipatala chaching'ono chimene anajambula pagulu la anthu asanu, nyumba ija ya pa atachimenti, zojambula za nyumba yakale imene anaiyeza ndi tepi, ndi kanyumba ka chaka choyamba.

Mtima wake umafuna kutsegula ndi msika, chifukwa ndi umene unamugoneka mochedwa miyezi yambiri. Koma kampani imene akufunsirayo siijambula misika ya nsanjika zinayi. Ine ndikanamuuza kuti atsegule ndi mdadada wa makalasi, masamba anayi, chifukwa ndi wofanana ndi ntchito za kampaniyo ndipo mwiniyo atha kuuweruza ndi diso la munthu wodziwa. Patsogolo pa zonse pakhale tsamba la dzina, ndiye mdadadawo utenge masamba 2 mpaka 5. Nyumba ya pa atachimenti itsatire pa masamba 6 mpaka 8, monga kalata yanenera. Imeneyi siyokongola kwambiri, koma ndi yokhayo imene inafika m'manja mwa amisiri.

Msika ubwere pachitatu, masamba atatu okha, osati mabolodi onse amene anakhoma pakhoma tsiku la mayeso. Asankhe pulani ya malo onse, yosonyeza mmene anthu, ngolo ndi mabasi akuyendera osagundana, sekishoni imodzi yaitali, ndi chithunzi chimodzi. Zikwanira kusonyeza kuti angasenze ntchito yaikulu.

Masamba awiri otsiriza apite kwa nyumba yakale ija. Ophunzira ambiri amaiona ngati ntchito yotsika, koma kampani yaing'ono imadya ndi ntchito zowonjezera zipinda ndi kukonza nyumba zomangidwa kale, ndipo zonsezo zimayamba ndi munthu wonyamula tepi. Aike pepala limene analembapo miyezo ndi pensulo ali pamalopo, ndi dothi lake lomwe, pambali pa pulani yoyera imene inatuluka pa kompyuta. Kanyumba ka chaka choyamba katsale kunyumba. Za chipatala cha pagulu tikambirana m'munsimu.

Mwatchula sekishoni kangapo. N'chifukwa chiyani ili yofunika chonchi?

Pulani imaonetsa nyumba ngati mwaidula chopingasa n'kuyang'ana kuchokera pamwamba. Sekishoni imaidula choimirira, kuyambira ku malata mpaka pansi pa maziko. Munthu angathe kujambula pulani yabwino asakudziwa mmene nyumba imaimira. Pa sekishoni sangabisale.

Ikani sekishoni imodzi ya khoma lakunja pa sikelo ya 1:20. Wodziwa ntchito aiwerenga kuchokera pansi kukwera. Aona konkiliti wa maziko ndi kuya kwake. Afuna dipisi, pepala lakuda lija lotchinga chinyezi, ndipo ayembekezera kuliona pamwamba pa nthaka ndi mamilimita osachepera 150, kuti madzi a mvula odontha pansi n'kuthovukira pakhoma asalidumphe. Dipisi ikasowa, kapena ikakhala m'munsi mwa nthaka, adziwa kuti nyumba yanu pulasitala wake adzafufuma ndi kusuwa penti m'munsi mwa khoma pakangopita madzinja ochepa.

Akafika pamwamba, afuna kuona chimene chagwira denga. Kodi mapaso amangiriridwa ku konkiliti wozungulira pamwamba pa khoma, ndi waya kapena chitsulo chokwiriridwa m'menemo, kapena angokhazikidwa? Tonse taonapo makalasi osasuka madenga mphepo yamkuntho ikawomba, ndipo chivomezi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009 chinasonyeza zimene zimachitikira makoma osamangirirana bwino. Aonanso kutalika kwa denga lotulukira kunja kwa khoma. Lotuluka mamilimita 600 limateteza khoma ku mvula ndi dzuwa. Lothera pakhoma pomwepo limaoneka bwino pa chithunzi, koma mvula ya mu Januwale imalowa pa mawindo.

Tchulani chimene khomalo lamangidwa nacho. Kuyambira 2018 malamulo a zomangamanga m'dziko muno amaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa nyumba za boma ndi zamalonda, choncho mdadada wa sukulu wojambulidwa ndi mabuloko a simenti, kapena a dothi losakaniza simenti pang'ono n'kulipanikiza pa makina, umasonyeza kuti mukudziwa zimene zikuchitika kunja kwa kalasi. Nyumba zodikiriramo amayi oyembekezera pa chipatala cha Kasungu, zimene anajambula a MASS Design Group, zinamangidwa ndi mabuloko a dothi otere, ndipo ndi zoyenera kuziphunzira.

Asanatumize, mtsikana wathu awerenge masitepe pa msika wake uja. Ngati kuchokera pansi kufika pa nsanjika yoyamba ndi mamilimita 3,000, pafunika masitepe ngati 17, lililonse lokwera pafupifupi mamilimita 176. Wophunzira amene anajambula masitepe 10 chifukwa malo anamuchepera wapanga sitepe lokwera mamilimita 300, limene gogo wosenza dengu la tomato sangalikwere. Akitekiti wazaka zambiri amaona cholakwa chotere asanawerenge n'komwe dzina la ntchitoyo.

Nanga zithunzi zokongola za pa kompyuta zija? Ndinataya nazo nthawi yambiri.

Zili ndi ntchito. Kampani yaing'ono imazifuna poonetsa makasitomala, ndipo wodziwa kuzipanga mwachangu ndi wothandiza. Chimodzi kapena ziwiri pa ntchito iliyonse ndi zokwanira. Vuto limabwera potifoliyo ikadzaza zithunzi zokhazokha, chifukwa wowerenga amayamba kukayika kuti mwina kuseri kwake kulibe kanthu.

Onetsetsani kuti chithunzi chikugwirizana ndi pulani. Ngati pa chithunzi pali mawindo asanu, pa pulani pasakhale anayi. Onaninso kumene mthunzi wagwera. Ife tili kummwera kwa mzere wapakati pa dziko, choncho mu Juni dzuwa limapendekera kumpoto. Mukasiya pulogalamu ikuganiza kuti nyumba yanu ili ku Ulaya, mithunzi igwera mbali yolakwika, ndipo mawu anu onse okhudza kutchinga dzuwa agwa nayo. Mitengo ndi anthu a m'zithunzimo akhale oti munthu angawaone ku Ndirande kapena ku Mchinji.

Ikaniponso tsamba limodzi, kapena theka, la zojambula pamanja. Pa saiti, kapitawo akafunsa mmene ngalande ya madzi ikumanirana ndi khonde, yankho limajambulidwa ndi pensulo kuseri kwa thumba la simenti.

Ntchito ya pagulu ndi ya pa atachimenti, ndingaziike ngati zanga?

Mungaziike, koma munene mbali yanu. Pansi pa mutu wa ntchito iliyonse lembani mizere iwiri kapena itatu: chaka, malo, ngati ndi ya kusukulu kapena yomangidwa, ndi chimene inu munachita. Pa chipatala chija mtsikana wathu anajambula pulani ya denga ndi njira ya njinga za olumala basi. Ngati akufuna kuchiika, aike zigawo ziwirizo n'kulemba kuti anali anthu asanu. Anzake anayi aja akufunsira ntchito pa makampani omwewo, ndipo chithunzi chimodzi chikafika pa tebulo limodzi kawiri ndi mayina osiyana, onse awiri ataya mwayi. Ine ndikanachisiya, chifukwa mdadada wa makalasi ukunena kale zomwezo, ndipo ndi wake yekha.

Zojambula za pa atachimenti ndi za kampani imene munagwirako, ndipo nyumbayo ndi ya munthu. Pemphani chilolezo musanaziike. Akalola, fufutani dzina la mwini nyumba ndi nambala ya poloti. Bwana watsopano akaona kuti mwasamala chinsinsi cha kasitomala wa ena, adziwa kuti mudzasamalanso cha ake.

Nditumize bwanji kuti aitsegule?

Potifoliyo ikhale fayilo imodzi ya PDF, yosapitirira 10 MB, ndipo ikachepera pamenepo ndi bwino kwambiri. Wolandirayo mwina akugwiritsa ntchito bando ya pa foni, ndipo fayilo ya 80 MB adzaisiyira tsiku lina limene silidzafika. Musatumize ulalo wofuna kuti apemphe kaye chilolezo chotsegulira. Fayiloyo ikhale ndi dzina lanu, mwachitsanzo `Dzina_Portfolio.pdf`. Mawu a kalata muwaike m'kati mwa imelo momwemo kuti awerengeke popanda kutsegula kanthu, ndipo sivi ikhale fayilo yapayokha.

Cholakwa chofala ndi kutenga bolodi ya A1 n'kuichepetsa kuti ikwane pa A3. Utali ndi mulifupi zimatsika ndi theka, choncho pulani ya 1:100 imasanduka ya 1:200 pamene mawu apansi pake akunenabe 1:100, ndipo zilembo za mamilimita 2.5 zimatsala 1.25, zosawerengeka. Yalaninso tsamba lililonse mwatsopano pa A3, chojambula chimodzi kapena ziwiri pa tsamba. Pa pulani iliyonse ikani kamzere ka sikelo, kamene kamachepa limodzi ndi chojambulacho, ndi muvi woloza kumpoto.

Mukatha, sindikizani tsamba limodzi pa A4 ndi inki yakuda yokha, monga angachitire pa ofesipo. Ngati makoma odulidwa sakusiyana ndi mizere ya matailosi, konzani kunenepa kwa mizere yanu. Tsegulaninso fayiloyo pa foni ya mnzanu.

Kampaniyo sinalengeze ntchito. Ndilembebe? Nanga akapanda kuyankha?

Lembani. Makampani aang'ono kawirikawiri salengeza m'nyuzipepala. Akapeza ntchito yaikulu mwadzidzidzi, amakumbukira kalata imene inawafika kapena amafunsa anzawo. Kukapereka pamanja envelopu yokhala ndi masamba osindikiza kumathandizanso, bola musaumirire kuonana ndi bwana ngati ali wotanganidwa.

Pakatha masabata awiri muli chete, imbani foni kamodzi mwaulemu, mufunse ngati kalata inafika. Akanena kuti malo palibe, pemphani mphindi 15 zoti aone potifoliyo yanu n'kukuuzani pofunika kukonza. Ambiri amalola, ndipo zimene anganene pa sekishoni yanu ndi phunziro limene mupite nalo ku khomo lotsatira.

Nkhani ya malipiro musaiike m'kalata pokhapokha ataifunsa, koma musalembenso kuti muli okonzeka kugwira ntchito ulere. Zojambula zanu kampani idzalipiritsa nazo kasitomala. Ngati akufuna kukuyesani kaye, mugwirizane kutalika kwa nthawi yoyeserayo ndi ndalama yake, ndipo zilembedwe papepala musanayambe.

Akakuitanani, nyamulani potifoliyo yosindikiza pa A3, pensulo, ndi nsapato zoti mungapondere nazo pa saiti, chifukwa pa kampani yaing'ono kucheza kwa mu ofesi kumatha kuthera pamalo omangira tsiku lomwelo.